Kalata Yomaliza kwa Walendi: Kuilemba Molimba Popanda Chipongwe

M'mapoloti ambiri a ku Ndirande, Kawale, Chinsapo kapena Chibavi, chenjezo lomaliza la alandilodi siliyenda papepala. Limabwera pakamwa, m'mamawa, anthu ali pamzere wa pampopi: "Mwezi uno ukamatha ndisakuoneninso pano!" Mawuwo akalephera, chotsatira chimadziwika. Kalipentala amabwera kudzazula chitseko, kapena lata limodzi limachoka pamwamba pa chipinda chogona, kapena loko watsopano amapezeka pakhomo mwini wake ali kuntchito. Zimenezi tazizolowera moti ena amayesa ndi ufulu wa mwini nyumba. Si ufulu ayi, ndipo eni nyumba ambiri amene anali ndi dandaulo lomveka amasanduka olakwa pa tsiku limeneli.

Sindikupeputsa ululu wa alandilodi. Nyumba zambiri zalendi m'matauni mwathu si za anthu olemera. Ndi za mphunzitsi wopuma ntchito amene anaika ndalama zake zonse za penshoni m'njerwa ndi malata, kapena za mayi wamasiye amene lendi ya zitseko zitatu ndiyo fizi ya ana ndi ndiwo zapakhomo. Munthu wotere akamanamizidwa mwezi ndi mwezi kuti "mawa ndikuonani," mtima umawira ndithu. Koma kalata yomaliza yochenjeza walendi si malo okhuthulirapo ukali umenewo, ndipo chifukwa chake si ulemu wokha. Kalatayi ili ndi owerenga awiri. Woyamba ndi walendiyo. Wachiwiri ndi munthu amene sanakhalepo pa mikangano yanu yonse, sakudziwani nonse awiri, ndipo adzaweruza potengera zimene zili papepala: woweruza milandu kukhoti. Mzere uliwonse uyenera kulembedwa ngati kuti udzawerengedwa mokweza pamaso pake.

Lamulo la m'dziko muno lokhudza malo olembedwa m'kaundula, la chaka cha 1967, lili ndi mfundo imene eni nyumba ambiri sanaimvepo. Mwini malo sangathetse lendi chifukwa choti pangano laphwanyidwa asanapereke kalata kwa wobwerekayo. Kalatayo iyenera kutchula cholakwacho mwachindunji. Ngati cholakwacho n'chotheka kukonza, iyenera kulamula kuti chikonzedwe m'nthawi yokwanira, yotchulidwa m'kalata momwemo. Ndipo ngati nkhani si ya lendi yosalipidwa, ipemphe ndalama zobwezeretsa zimene zawonongeka. Lamulo lomweli limati ngati m'nyumbamo mukukhalabe munthu, njira yoitengeranso ndi ya kukhoti. N'zoona kuti mapoloti ambiri a m'makwalala sanalembedwe pansi pa lamuloli, ndipo pamenepo khoti limayang'ana pangano lanu ndi mfundo zina zimene makhoti amatsatira. Komabe zinthu zitatuzi, kutchula cholakwa, kupereka mpata wokonza ndi kunena tsiku, ndizo zimalimbitsa kalata kulikonse kumene nyumba ili.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, kuti tione ntchitoyi ikugwiridwa. Mayi wina ku Chilomoni ali ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yake yaikulu. Anaibwereketsa kwa bambo wina wapabanja pa pangano lolembedwa la chaka chimodzi, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Lendi ndi K120,000 pamwezi, yolipira pofika pa 5. Ndime 3 ya panganolo ikunena za tsiku lolipira, ndime 6 ikuti nyumbayo ndi yogonamo basi, ndipo ndime 10 ikulola mwini nyumba kuthetsa pangano ngati waphwanyiridwa, atachenjeza ndi kalata ndi kupereka notisi ya mwezi umodzi. Miyezi iwiri yoyamba zonse zinayenda. M'Malichi lendi inabwera pa 19. M'Epulo bamboyo anapereka K70,000 yokha pa 22. M'Meyi analipira yonse ya mweziwo pa 17, koma K50,000 ya Epulo sinatchulidwenso. Lero ndi pa 12 Juni ndipo ya Juni sinaoneke. Kuonjezera apo, chipinda chimodzi chasanduka khola: muli nkhuku zachizungu zanyama pafupifupi 100, utuchi wonyowa pansi, fungo lofika kwa anansi, ndi bilu yamadzi imene yakwera pa mita yomwe mabanja onse amagawana.

Chinthu choyamba chimene mayiwa ayenera kuchita si kulemba, koma kuwerenga. Atenge pangano lija aone ngati zimene zikuwapweteka zilimodi. Apa ndi pamene makalata ambiri amagwera. Mwini nyumba amadana ndi alendo obwera Loweruka, ndi ana osewera mpira pabwalo, ndi mpingo umene walendi amapemphera, ndipo zonsezo amaziunjika m'kalata ngati milandu. Koma chimene sichili m'pangano, ndiponso sichili pakati pa zimene lamulo limayembekezera kwa walendi aliyense, monga kulipira lendi ndi kusamala nyumba, si kuphwanya pangano. Ndi kusagwirizana chabe kwa anthu okhala mpanda umodzi. Kalata ya milandu khumi, isanu ndi iwiri ili ya mkwiyo, imafooketsa itatu yeniyeni, chifukwa woweruza akaona kuti munthu akungofufuza zifukwa amayamba kukayikira ndi zoona zomwe. Mayi wa ku Chilomoni ali ndi milandu iwiri yolimba, lendi ndi nkhuku. Ikwanira.

Kenako awerengere ndalama. Izi zimaoneka zazing'ono, koma ndaona kuti ndi pamene anthu amakanganirana kwambiri, popeza ambiri amasunga ngongole m'mutu. Buku la malisiti, mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money, mapepala a kubanki, zonse ziikidwe pathebulo. Yotsala ya Epulo ndi K50,000, ya Juni ndi K120,000, pamodzi K170,000. Nambala imeneyi ndiyo ilowe m'kalata, osati "ndalama zambiri zimene mwandidyera." Pasakhalenso chindapusa chopeka. Ngati pangano silinatchule kuti wochedwa adzalipira zoonjezera, mayiwa sangadzuke n'kuikapo K20,000 yachilango, kapena kukweza lendi pakati pa chaka pofuna kukhaulitsa. Nambala imodzi yokokomeza imapatsa walendi poyambira kutsutsa zonse.

Mawu akuti "yomaliza" akutanthauza kuti panali zoyamba, ndipo zoyambazo ziyenera kuoneka. Mayiwa analankhula ndi bamboyo pa 20 Malichi, pali mchimwene wawo. Analemba kalata pa 25 Epulo yokhudza lendi, ndi ina pa 26 Meyi yokhudza lendi ndi nkhuku zoyamba, zimene zinagulitsidwa koma zina n'kulowa. Masiku amenewa ndiwo amasonyeza kuti vutoli ndi lobwerezabwereza. Mwini nyumba amene sanachenjezepo n'kamodzi komwe, wangosunga mumtima kwa miyezi, asalembe kuti "ndakuchenjezani kambirimbiri." Alembe chenjezo loyamba, ndipo alitche choncho.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndimaiona kuti ndiyo mtima wa kalata yachilungamo. Lamulo limati nthawi ikhale yokwanira, ndipo kukwanira kwake kumatengera chinthu chimene chikufunika kukonzedwa. Wailesi yosokosera usiku imazimitsidwa lero lomwe. Ngongole ya K170,000 kwa munthu wolandira malipiro pamwezi siingapezeke pofika mawa m'mawa. Masiku 14, ofika pafupi ndi tsiku lake lolandira, ndi mpata weniweni. Nkhuku zili ndi nyengo yakeyake. Zanyama zimagulitsidwa zikafika milungu pafupifupi isanu ndi umodzi. Ngati za bamboyu zili pa mlungu wachitatu, kumuuza kuti zichoke pofika madzulo ndi kumuuza kuti ataye mpamba wake wonse, ndipo munthu wotaya mpamba sangalipirenso lendi imene mukufunayo. Masiku 21 akumupatsa mpata wozigulitsa kapena kuzipezera khola kwina, pokhapokha asalowetsenso anapiye ena. Apa chifundo ndi nzeru zikuyendera limodzi. Ndipo nthawiyo ilembedwe ndi tsiku la pakalendala, osati "posachedwa" kapena "mwezi uno," kuti pasadzakhale mkangano wa mawerengedwe.

Kalata ya mayiwa, pamwamba pake pali dzina lawo, dera, nambala ya poloti ndi tsiku, ingathe kuyenda motere:

"Bambo, CHENJEZO LOMALIZA PA PANGANO LA LENDI YA NYUMBA. Ndikulemba potsatira pangano limene tinasainirana m'mwezi wa Januwale chaka chino.

"Choyamba, ndime 3 ikuti lendi ya K120,000 iziperekedwa pofika pa 5 mwezi uliwonse. Ya Malichi munapereka pa 19. Ya Epulo munapereka K70,000 pa 22, kutsala K50,000. Ya Meyi munapereka pa 17. Ya Juni sindinalandire. Ngongole yonse lero ndi K170,000. Chachiwiri, ndime 6 ikuti nyumbayi ndi yogonamo basi. Mukuweta nkhuku zogulitsa m'chipinda chakumadzulo, ndipo simenti yapansi yayamba kufumbuka. Ndinalankhula nanu pa 20 Malichi, ndipo ndinakulemberani pa 25 Epulo ndi pa 26 Meyi.

"Ndikupempha kuti mulipire K170,000 pofika pa 26 Juni, kuti nkhuku zonse zichoke m'nyumbamo pofika pa 3 Julayi osalowetsanso zina, ndi kuti mulipire K45,000 yokonzera pansi pa chipindacho, malinga ndi mtengo umene mmisiri walemba papepala limene ndaphatikiza. Ndidzabwera kudzaona chipindacho pa 4 Julayi nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ngati nthawiyi siikuyenererani, ndiuzeni ina.

"Zimenezi zikapanda kuchitika pofika masiku amenewa, ndidzakupatsani notisi yothetsa pangano motsatira ndime 10, ndipo ngati kudzafunike ndidzapita kukhoti kukapempha nyumba yanga ndi ndalama zotsala. Ngati mukuona kuti mawerengedwe anga alakwika, kapena pali zimene mukufuna kundifotokozera, ndilembereni kapena tikhale pansi pasanafike pa 19 Juni. Ndine mwini nyumba."

Kalatayi ndi yaifupi, ndipo ilibe liwu lililonse lonena za khalidwe la bamboyo. Siikuti ndi wabodza, ngakhale mayiwa mumtima akuganiza choncho. Ikungoika masiku pamzere, ndipo masikuwo akulankhula okha. Munthu angatsutse kuti iye si wabodza, n'kuyamba mkangano wa maola awiri. Sangatsutse kuti pa 22 Epulo anatumiza K70,000, chifukwa uthenga uli mufoni yake yomwe. Onaninso kuti chiopsezo chokhacho chili m'kalatamu ndi chinthu chimene mayiwa ali ndi ufulu wochita: notisi ndi khoti. Muyeso wake ndi umenewu. Ngati chimene mukufuna kulemba kuti "ndidzachita" n'chinthu chimene simungachite pamaso pa woweruza, chisalowe.

Mzere wopempha bamboyo kuti ayankhe ena amauona ngati kufooka. Ine ndimauona ngati chitetezo cha mwini nyumba. Mwina K50,000 ya Epulo inaperekedwa kwa mwana wa mayiwa, amene sananene. Mwina bamboyo anagula lata ndi misomali denga litayamba kudontha, atauzidwa pakamwa kuti adzachotsera pa lendi. Ndi bwino zimenezi zituluke pa 19 Juni pakhonde kusiyana n'kuti zidzatuluke m'khoti. Mwini nyumba nayenso ali ndi mbali yake ya pangano, ndipo amene wasiya chimbudzi chodzadza kwa miyezi itatu ayembekezere kuti nkhaniyo idzabuka akangotumiza chenjezo. Akonze zake asanalembe.

Tibwere ku zimene ziyenera kutsala kunja, popeza apa ndi pamene anthu abwinobwino amadzipweteka. Walendi akalowa m'nyumba ndi chilolezo, nyumbayo ndi kwawo kufikira pangano litathetsedwa moyenera, ngakhale makoma ndi a wina. Malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, amateteza ulemu wa munthu pa gawo 19, ndipo pa gawo 21 amateteza munthu kuti nyumba yake isamasechedwe ndi katundu wake asamalandidwe mwachisawawa. Choncho kulemba kuti "ndidzazula chitseko," "ndidzachotsa malata," "ndidzatseka madzi," "ndidzadula waya wa magetsi" kapena "ndidzatenga firiji yanu" ndi kusaina ndi dzanja lanu umboni wakuti munakonzeratu zochita kunja kwa lamulo. Pa poloti pamene mita ya ESCOM kapena ya madzi ndi imodzi, chiyeso chotseka chimakhala chachikulu, chifukwa valavu ili kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Koma amene amagona ndi ludzu ndi ana, amene sanasaine pangano lililonse. Kulanda katundu chifukwa cha ngongole ya lendi kuli ndi njira yake, yodzera kwa masherifu ndi zikalata zovomerezeka. Si ntchito ya mwini nyumba ndi anyamata awiri a paginesi. Ochita zotere akhoza kulamulidwa kulipira chipukuta misozi choposa lendi imene amaitsatirayo.

Apolisi nawonso amatchulidwa molakwika m'makalata ambiri. Kulephera kulipira lendi ndi ngongole, mlandu wa pakati pa anthu awiri, osati upandu. Kulemba kuti "ndikumangitsani" ndi kuopseza ndi mphamvu imene mulibe. Apolisi amalowapo pakakhala ndewu, kuopsezana, kuba kapena kuswa zinthu mwadala, ndipo zikafika pamenepo akhoza kutenga aliyense wa awiriwo, kuphatikizapo mwini nyumba. Lamulo la milandu yaupandu limaletsa kuopseza munthu kuti umuvulaza iye kapena kumuonongera katundu. Mawu ngati "muona chimene chinameta nkhanga mpala" sayenera kupezeka pamwamba pa siginecha ya munthu aliyense.

Palinso mawu amene sakuopseza koma akunyoza, ndipo ena mwa iwo ali ndi malamulo akeake. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la zaufiti la chaka cha 1911. Kuulula kapena kunyoza za kachilombo ka HIV kumene munthu ali nako n'koletsedwa ndi lamulo la chaka cha 2018. Kuuza mayi wobwereka nyumba kuti ngongole ingathe "tikamvana mwanjira ina" ndi nkhanza zokhudza kugonana, zimene lamulo la kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi la chaka cha 2013 limaletsa, ndipo izi zimachitika m'mapoloti mwathu kuposa mmene timavomerezera. Mtundu wa munthu, dera limene amachokera, chipembedzo chake, kusakwatiwa kwake, kulumala kwa mwana wake, zonsezi sizikhudza lendi. Kalata yonena kuti "anthu a kwanu ndi mmene mulili" yasiya kukamba za pangano, yayamba kukamba za tsankho, limene gawo 20 la malamulo aakulu aja limakana.

Kalata yaulemu imathanso kuonongeka ndi kaperekedwe. Iikidwe mu envulopu, ilembedwe dzina la munthu amene anasaina pangano, ndipo iperekedwe m'manja mwake. Isapatsidwe mwana wa sukulu, isamatidwe pachitseko poyera kuti aliyense wopita kubafa awerenge. Makope akhale awiri: limodzi la walendi, lina asainepo ndi kulemba tsiku kuti walandira. Ndi bwino kumufotokozera kuti kusainako kukungotanthauza kuti kalata yafika, osati kuti wavomera zonse zili m'menemo, chifukwa ambiri amakana poopa zimenezo. Akakanabe, palibe chifukwa chokwezera mawu. Mboni imodzi yokhwima maganizo, monga mfumu ya m'deralo kapena mkulu wina wosakondera, ilembe pa kope lija kuti kalata yaperekedwa tsiku lakuti, nthawi yakuti, ndipo wolandira wakana kusaina. Mboni imodzi, osati gulu. Ngati pangano linatchula njira yoperekera makalata, itsatidwe imeneyo. Chilankhulo chikhale chimene walendiyo amamva. Chingerezi chamakhoti choperekedwa kwa munthu amene sachiwerenga sichichenjeza aliyense, ndipo ngati sadziwa kuwerenga, mboniyo imuwerengere.

Kutumiza chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp kwa mwini wake yekha n'kothandiza, popeza tsiku ndi nthawi zimasungika. Kuiponya pagulu la anthu a m'dera, kapena la kumpingo, kapena kuitumiza kwa abwana ake kuntchito, ndi nkhani ina. Kumeneko n'kuchititsa manyazi, ndipo ngati muli mawu osaona, n'kuipitsa mbiri kumene munthu angakusumireni. Kuimba ndi kutumiza mauthenga usiku wonse nakonso kungagwe pansi pa lamulo la chaka cha 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti, limene limaletsa kuzunza munthu ndi mauthenga. Kalata imodzi yaperekedwa, tsiku latchulidwa. Chotsala ndi kudikira.

Kudikirako ndiko kovuta. Masiku 14 aja ndi lonjezo la mwini nyumba, ndipo ayenera kulisunga. Sangabwere pa tsiku lachitatu ndi munthu wina kudzamuonetsa zipinda, kapena kulowa ndi kiyi wapadera eni ake kulibe kuti akawerenge nkhuku. Kuyendera nyumba kumaloledwa, koma pa nthawi yoyenera ndiponso mutadziwitsiratu, n'chifukwa chake kalata ija inatchula pa 4 Julayi, 10 koloko.

Tiyerekeze kuti pa 25 Juni bamboyo wabweretsa K170,000 yonse, ndipo pa 2 Julayi nkhuku zagulitsidwa, chipinda chasesedwa, ya mmisiri yaperekedwa. Pamenepo nkhani yatha. Mayiwa alembe lisiti ndi mizere iwiri yovomereza kuti zonse zakonzedwa. Sangatulutse notisi pa milandu yomweyo imene anati ikakonzedwa pangano lipitirira. Ndipo kunena zoona apindula, chifukwa nyumba yopanda munthu kwa mwezi umodzi ndi K120,000 yotayika, osawerengera penti ndi ndalama za ejenti wopeza walendi wina.

Nanga akabweretsa K100,000 yokha n'kupempha kuti K70,000 ibwere pa 10 Julayi? Mayiwa ali ndi ufulu wovomera kapena kukana. Akavomera, zilembedwe: ndalama zimene zalandiridwa, zotsala, tsiku latsopano, ndi mawu akuti likaphonyedwa notisi ituluka. Chimene chimapha makalata amenewa ndi chenjezo lomaliza lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Walendi amaphunzira kuti tsiku la papepala silitanthauza kanthu, ndipo pa kalata yachinayi mwini nyumba amakhala atatopa kwambiri moti ndi pamene amathamangira kwa kalipentala uja.

Apa pali msampha wina wa malamulo umene ndi anthu ochepa amaudziwa. Mwini nyumba akadziwa kuti pangano laphwanyidwa, koma n'kulandirabe lendi ya mwezi watsopano umene wafika pambuyo pa cholakwacho, lamulo likhoza kuona kuti wakhululuka, kuti wasankha kuti pangano lipitirire. Kulandira ngongole yakale, ya miyezi imene inadutsa kale, n'kosiyana. Imeneyo ndi ndalama yanu nthawi zonse. Vuto lili pa lendi yatsopano. Pa cholakwa chimene chikupitirirabe tsiku ndi tsiku, monga nkhuku zimene zikadali m'chipinda, ufulu wodandaula umabadwanso. Koma pa cholakwa chochitika kamodzi, monga kubwereketsa chipinda kwa munthu wina popanda chilolezo, kulandira lendi mukudziwa kungakutsekereni njira, ndipo kulemba pa lisiti kuti "sindinakhululuke" sikupulumutsa nthawi zonse. Choncho mayi wathu, ngati watsimikiza zothetsa pangano, afunse loya asanalandire ya Julayi. Amene sangakwanitse loya wolipira, kaya ndi mwini nyumba kaya walendi, angayambe ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, imene ili m'mizinda yathu ikuluikulu.

Ngati palibe chimene chachitika, pa 4 Julayi mayiwa alembe kalata ina, notisi yothetsa pangano. Chenjezo ndi notisi ndi zinthu ziwiri, ndipo kuziphatikiza m'kalata imodzi kumasokoneza: munthu sadziwa ngati akuuzidwa kuti akonze kapena asamuke. Notisiyo ikhale ya mwezi wathunthu monga ndime 10 ikunenera. Pa lendi ya mwezi ndi mwezi, imene anthu ambiri ali nayo popanda pepala lililonse, lamulo la 1967 lija limati notisi isachepere nyengo ya lendiyo ndipo ithere pa tsiku lolipira. Kutsatira muyeso womwewo pano n'kodzitchinjiriza: notisi ya pa 4 Julayi ithere pa 5 Ogasiti. Likafika tsikulo banjalo likadali m'nyumba, mayiwa satenga hamala. Amakatenga chisamani, atanyamula pangano, malisiti, makalata onse ndi kope losainidwa ndi mboni. Khoti lili ndi mphamvu yopatsa walendi mpata wina ngati likuona kuti n'koyenera, ndipo poganizira zimenezo limayang'ana mmene mbali zonse ziwiri zachitira. Likagamula kuti atuluke, otulutsa ndi masherifu.

Kwa amene walandira kalata yotere, choipitsitsa ndi kuing'amba kapena kuthawa mwini nyumba polowera njira ya kuseri. Iwerengeni ndi pangano lanu pambali. Yankhani ndi kalata tsiku lisanakwane, muvomere zimene zili zoona, mutsutse ndi malisiti zimene si zoona, ndipo munene tsiku limene mungathedi kulipira, osati limene likumveka bwino m'khutu. Musadzichotsere nokha lendi chifukwa cha denga lodontha popanda kugwirizana papepala. Ngati kalatayo ili ndi zotukwana kapena zoopseza, isungeni bwino ndipo musabwezere. Koma dziwani kuti chipongwe cha alandilodi sichifafaniza K170,000 ija. Ndipo ngati munapereka dipoziti polowa, funsani kuti pa tsiku lotuluka muyendere nyumbayo limodzi, chipinda ndi chipinda, kuti chilichonse chochotsedwa pa ndalamayo chilembedwe ndi mtengo wake musanapereke makiyi.